Kusankha wotchi yoyamba ya mwana amene wamaliza maphunziro, ndalama zili zochepa

Mwana wa mlongo wanga atamaliza dipuloma ya zaulimi, pa msonkhano wa banja anagawa ntchito za tsiku la mwambo. Ena anatenga za nkhuku ndi mpunga, ena za galimoto yopita ku mwambowo, ine anandipatsa mphatso. Ndinasankha wotchi, ndipo ndinali ndi mantha pang'ono, chifukwa zaka zingapo m'mbuyomo ndinagulirapo mkulu wake wotchi yonyezimira ngati golide, yokhala ndi dzina lalikulu la ku Ulaya pankhope pake. Inaoneka bwino pazithunzi za tsiku la gauni. Mvula yoyamba itagwa, galasi linachita nthunzi mkati, mtundu wa golide uja unayamba kusupuka, ndipo pamkono pa mnyamatayo panatuluka tizilonda toyabwa. Isanathe miyezi inayi inali m'kabati. Ulendo wachiwiriwu ndinatsata njira ina, ndipo ndi imene ndikufotokoza pano.

Yambani ndi kumene mwanayo akupita, osati ndi shopu

Musanaone wotchi ndi imodzi yomwe, dzifunseni kuti mkono umene udzaivale udzakhala ukuchita chiyani chaka chamawa nthawi ngati ino. Funso limeneli lokha limachotsa theka la mawotchi amene ali m'kabati yagalasi ya wogulitsa. Amene akukaphunzitsa amafuna wotchi yoti akangoponya diso adziwe kuti phunziro latsala ndi mphindi zingati, choncho ya mivi yokhala ndi manambala ooneka bwino imamuyenera. Amene akukagwira ntchito ya unamwino amafuna muvi wa masekondi wowerengera kugunda kwa mtima, komanso m'zipatala zambiri safuna kuti wogwira odwala avale chilichonse pamkono, ndiye kawotchi kopachika pachifuwa pa yunifomu kamamuthandiza kuposa ya pamkono. Amene akusakabe ntchito, akuyenda ndi makalata m'maofesi, amafuna yosachita phokoso m'maso, yolowa bwinobwino pansi pa mkono wa shati.

Mnyamata wathuyu ankayembekezera ntchito yaulangizi kumudzi: njinga, fumbi, mvula ya Januwale, kusamba m'manja pa mjigo kangapo patsiku. Apa ndinadziwa kale zinthu ziwiri. Lamba wachikopa sangakhalitse, chifukwa thukuta ndi madzi zimamuumitsa, kenako amanunkha n'kuduka pa bowo limene amamangira tsiku lililonse. Ndipo nkhani ya madzi ndiyo iyenera kukhala patsogolo, osati kukongola.

Gawani ndalama musanachoke pakhomo

Sinditchula mitengo ya makwacha, chifukwa chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhazikika. Chimene sichisintha ndi kagawidwe. Pa ndalama zimene muli nazo, magawo anayi mwa asanu akhale a wotchi, gawo lachisanu muliike padera. Limenelo ndi lochepetsera lamba ngati ali wachitsulo, logulira kabokosi kapena pepala lokutira, ndi la batire ngati mupeza kuti wotchiyo inakhalitsa m'shopu. Mukapita ndi ndalama zonse m'thumba limodzi, wogulitsa wochenjera amakukwezani pang'onopang'ono mpaka zithe, n'kubwerera ndi wotchi yokhwepa pamkono yopanda ndalama yoikonzera.

Sankhani ya batire

Mawotchi a pamkono alipo a mitundu iwiri ikuluikulu malinga ndi chimene chimawayendetsa. Ina imayenda ndi sipuling'i yomwe imakokedwa ndi dzanja kapena ndi kugwedezeka kwa mkono. Yokokedwa ndi kugwedezeka kwa mkonoyo nthawi zambiri pankhope pake pamalembedwa AUTOMATIC. Ina imayenda ndi batire, ndipo pamalembedwa QUARTZ. Mkati mwa ya batire muli kamwala kakang'ono kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse magetsi akakadutsa, ndipo kadera ka magetsi kamawerenga kunjenjemerako n'kusuntha muvi kamodzi pa sekondi. Kampani ya Seiko ya ku Japan ndiyo inayamba kugulitsa wotchi ya pamkono yotereyi mu Disembala 1969, pa mtengo wofanana ndi wa galimoto yaing'ono. Lero luso lomwelo lili m'mawotchi otchipa kwambiri.

Pa ndalama zochepa, tengani ya batire. Wotchi ya batire yabwino imasemphana ndi nthawi yeniyeni ndi masekondi 20 kapena 30 pa mwezi wathunthu. Ya sipuling'i yotsika mtengo ikhoza kusemphana ndi masekondi omwewo pa tsiku limodzi, ndipo mwana akaivula Lachisanu madzulo n'kuisiya patebulo, pofika Lolemba imakhala itaima, chifukwa zambiri zimasunga mphamvu ya maola pafupifupi 40 okha. Ine ndimazikonda za sipuling'izi, muvi wake umayenda mosalala ngati ukuyandama, koma yeniyeni yatsopano imadya ndalama zambiri, ndipo yakale ya pa kaunjika imafuna munthu wodziwa kuitsuka ndi kuithira mafuta mkati. Imeneyo mwanayo adzagule yekha akadzayamba kulandira malipiro.

Dzina laling'ono lenileni limaposa dzina lalikulu labodza

Apa ndi pamene ndinagwera ulendo woyamba uja. Wotchi yolembedwa Rolex kapena Omega imene ikugulitsidwa pa mtengo wa nsapato ndi yabodza, palibe kukambirana. Vuto lake si manyazi okha a tsiku limene wina wodziwa adzaiyang'anitsitsa. Ndalama zonse za woipangayo zimapita pa maonekedwe, mkati mumakhala makina osadziwika, chivundikiro chopanda kamphira kotchinga madzi, ndi chitsulo chopakidwa utoto wopyapyala.

Pa ndalama zomwezo kapena kuwonjezera pang'ono, alipo maina amene amapanga mawotchi otchipa mosabisa. Casio ndiyo yodziwika kwambiri. Q&Q, yomwe ili m'banja la kampani ya Citizen, nayonso imapanga za mivi zosavuta. Mwa Casio, pali zinayi zimene ndinaziika pa kapepala kanga. F-91W ndi kakuda ka manambala kaja kamene kanatuluka mu 1989 ndipo kakupangidwabe mpaka lero, kopepuka magalamu 21, batire lake CR2016 limakhala zaka pafupifupi 7. MQ-24 ndi ya mivi, yopyapyala, yosavuta kuwerenga. W-800H ndi ya manambala, yolembedwa mamita 100 a madzi, batire la zaka 10. MRW-200H ndi ya mivi, nayo ya mamita 100, yoonetsa tsiku ndi deti.

Tsoka lake n'lakuti Casio nayonso amaibera dzina, makamaka F-91W. Chizindikiro choyamba ndi mtengo. Nthawi imene ndinkagula, kunja yeniyeni inkagulitsidwa pafupifupi madola 20 a ku America, ndiye ikafika kuno, italipiridwa ulendo ndi msonkho, singatsike mpaka mtengo wa mbale ya nsima. Chachiwiri ndi mayeso a batani: pa F-91W yeniyeni, ikuonetsa nthawi, mukadina batani la kudzanja lamanja n'kuligwira masekondi atatu, pagalasi pamatuluka mawu akuti CASIo. Ikapanda kutero, ibwezeni. Ikatero musafulumire kusangalala, chifukwa akuba ena anaphunzira kukopera zimenezi. Pitirizani kuona kumbuyo, pamene pamadindidwa nambala ya makina, 593, m'kabokosi, ndi zilembo zakuthwa, zosafufutika. Pendeketsaninso wotchiyo uku ndi uku: pa zabodza zambiri manambala amazimirira msanga, ndipo zolemba za pankhope zimaoneka zonenepa ngati inki inayenderera.

Werengani kumbuyo, chifukwa kutsogolo n'kwa malonda

Ndinaphunzira kutembenuza wotchi ndisanaisirire. Kumbuyo kuli nkhani ziwiri zofunika, madzi ndi chitsulo.

Manambala a madzi amanamiza anthu ambiri. Mukaona 30M kapena 3 BAR, kapena mawu okha akuti WATER RESIST opanda nambala, sizikutanthauza kuti mungamire nayo mamita 30 m'nyanja. Nambalayo imachokera ku mayeso a m'fakitale, pamene wotchi yatsopano imapanikizidwa ndi madzi odikha. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, yotereyi imapirira madontho a mvula ndi kuthovukira kwa madzi posamba m'manja, basi. Ya 50M imapirira zochulukirapo, koma yoti munthu asambire nayo ku Salima kapena ku Mangochi mtima uli m'malo ndi ya 100M kapena 10 BAR. Yopanda mawu alionse a madzi muiyese ngati pepala. Ndipo ngakhale ya 100M, madzi otentha ndi sopo wa kubafa zimafooketsa timphira tamkati, komanso mabatani sayenera kudinidwa wotchi ili m'madzi.

Pa chitsulo, siyanitsani mawu awiri ofanana. STAINLESS STEEL BACK akutanthauza kuti chivundikiro cha kumbuyo chokha ndicho chitsulo chosachita dzimbiri. Thupi lonse likhoza kukhala pulasitiki kapena chitsulo china chokutidwa. ALL STAINLESS STEEL ndiye kuti thupi lonse ndi lotero. Mukaona BASE METAL, dziwani kuti kunyezimira mukukuonako ndi chikutiro, ndipo thukuta la miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala lidzachidya, kuyambira pamene wotchi imakhudza khungu. Tizilonda ta mkulu wake tija tinachokera apa: anthu ena khungu lawo silimvana ndi chitsulo cha nikelo chimene chimakhala m'zokutira zotchipa. Ngati mwanayo amatuluka zidzolo ndi ndolo, mkanda kapena chitsulo cha lamba wa thalauza, musamugulire yachikasu yotchipa. Pa ndalama zochepa, thupi la pulasitiki lolimba lokhala ndi chivundikiro cha chitsulo chosachita dzimbiri limakalamba bwino kuposa golide wabodza. Likakandika limangokhala lokandika, silisupuka.

Yezani mkono

Ambiri amadumpha sitepe iyi pofuna kuti mphatso ikhale yodzidzimutsa. Njira ilipo. Ine ndinatuma mayi ake. "Achimwene, mukufuna ndimuyeze bwanji osadziwa?" anandifunsa mlongo wangayo. Ndinamuuza kuti anene kuti telala akufuna muyeso wa mkono wa shati ya pamwambo. Anazunguliza ulusi pamwamba pang'ono pa kafupa ka pamkono, n'kuuyala pa rula: masentimita 16.

Mkono wa masentimita 14 mpaka 16 umakhala bwino ndi wotchi yotambalala mamilimita 30 mpaka 38. Wa masentimita 17 kapena 18 umanyamula ya 38 mpaka 42. Amenewa si malamulo, koma pali chinthu chimodzi chosasintha: tinyanga timene lamba amagwirapo tisapitirire m'mbali mwa mkono. Tikapitirira, wotchi imapendekeka, imakola m'thumba ndi pa zitseko, ndipo mwanayo amaoneka ngati wabwereka ya bambo ake. Muyeso umenewu ndi umene unachotsa MRW-200H pa kapepala kanga. Ndinkaikonda, koma ndi yotambalala kupitirira mamilimita 44, ndipo nditaiyika pa mkono wa mnyamata wa m'shopu amene anali wochepa thupi ngati wathuyu, inaoneka ngati chivundikiro cha botolo la mafuta.

Onaninso mmene lamba walumikizidwira. Ngati wagwidwa ndi kachitsulo ka sipuling'i pakati pa tinyanga tiwiri towongoka, totalikirana mamilimita 18 kapena 20, wokonza mawotchi aliyense wa pakhonde la sitolo adzapeza wina woloweza m'malo. Lamba woumbidwa mwapadera, wolowererana ndi thupi la wotchi, akaduka amavuta kupeza. Dziwani kuti lamba ndiye amayamba kufa, makina akadali amoyo.

Mphindi khumi m'shopu

Mukapeza imene mukuifuna, musatulutse ndalama musanaiyese, ngakhale wogulitsa aziti "Bwana, imeneyi ndi orijino, musavutike." Ngati ndi ya mivi, kokani kachitsulo ka m'mbali kokonzera nthawi, muzungulitse mivi maola 24 athunthu. Iziyenda mosakakamira, ndipo ngati ili ndi deti, lisinthe kamodzi, muvi ukamayandikira 12 ya usiku. Muvi waufupi ukaloza ndendende pa 6, wautali uzikhala pa 12. Ngati wapatuka ndi mphindi zingapo, mivi inaikidwa mopotoka. Kankhani kachitsuloko kabwerere, muyang'ane muvi wa masekondi kwa mphindi yathunthu. Uzidumpha kamodzi pa sekondi. Ukamanjenjemera pamalo amodzi, kapena kudumpha masekondi awiri nthawi imodzi, nthawi zambiri ndiye kuti batire latsala pang'ono kutha.

Chenjerani ndi mawotchi okhala ndi timawotchi titatu ting'onoting'ono mkati mwa nkhope ndi mabatani awiri m'mbali. Achinyamata amawakonda, ndipo enieni ake ndi abwino, koma pa otchipa ambiri timiviti ndi tomata chabe. Dinani mabataniwo. Ngati palibe chikusuntha, mukulipira zojambula, ndipo mabowo a mabataniwo ndi makomo ena olowera madzi ndi fumbi.

Ngati ndi ya manambala, dinani batani lililonse, yatsani nyale yake mutaiphimba ndi dzanja, imbitsani alamu, ndipo onetsetsani kuti nambala iliyonse ikutuluka yathunthu, yopanda kamzere kosowa. Manambala akamazimirira mukayatsa nyale, batire lafooka.

Kenako funsani mafunso awiri: ikaima sabata ino mundisinthira? Ndipo mundilembera lisiti yokhala ndi nambala ya mtundu wa wotchiyi? Wogulitsa katundu weniweni savutika ndi mafunso amenewa. Amene wayamba kuseka kapena kusintha nkhani wakuyankhani kale. Ine shopu yoyamba ndinatulukamo chimanjamanja pa chifukwa chimenechi. Yachiwiri anandilembera zonse, anandipatsanso kabuku ka malangizo kamene nambala yake ya makina inafanana ndi yodindidwa kumbuyo kwa wotchi.

Za pa kaunjika sindikuletsani, nthawi zina kumapezeka Seiko kapena Citizen yeniyeni pa mtengo wabwino. Koma pitani nayo kwa wokonza mawotchi aitsegule musanamalize malonda. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pozungulira batire, ndiye kuti batire lakale linatayikira mkati, ndipo makinawo akhoza kuima tsiku lililonse.

Khalani nayo sabata imodzi

Gulani kudakali masabata awiri tsiku la mwambo lisanafike. Mukafika kunyumba, ikonzeni nthawi mofanana ndi ya pafoni mpaka pa sekondi, muisiye. Pakatha masiku 7 yerekezaninso. Wotchi yolonjeza masekondi 30 pa mwezi siyenera kupatuka kupitirira masekondi 7 kapena 8 pa sabata. Ikataya mphindi yathunthu, kapena mukaipeza itaima m'mawa wina, muli ndi nthawi yobwerera ndi lisiti ija. Imene ndinagula, W-800H, inapita patsogolo ndi masekondi awiri okha. Ndinaisankha chifukwa inakwaniritsa zonse zitatu: mamita 100 a madzi, kutambalala kosafika mamilimita 38, ndi batire loti mnyamatayo sadzalisaka kumudzi kwa zaka zambiri. Ndivomere kuti si yokongola kwenikweni. Pa suti ya pamwambo MQ-24 ikanaoneka bwino, ndipo akanakhala kuti akupita ku ofesi kapena ku kalasi ndikanatenga imeneyo, n'kutsalanso ndi chenji.

Zoti mumuuze pomupatsa

Mphatsoyi ipite ndi lisiti, kabuku kake, ndi mawu ochepa a batire, chifukwa mawotchi ambiri abwino amafera pa tebulo la wosintha batire. Mawotchi ambiri a mivi, kuphatikizapo MQ-24, amagwiritsa ntchito kabatire kolembedwa SR626SW, kamene ena amakatcha 377, ndipo kamakhala zaka ziwiri kapena zitatu. Pali kena kofanana nako kukula, kolembedwa LR626 kapena AG4, kotchipa kwambiri. Kamalowa bwinobwino ndipo wotchi imayenda, koma kamatha msanga komanso sikachedwa kutayikira. Mwanayo aziwerenga yekha zolembedwa pa kabatire asanalole kuti kaikidwe, ndipo aziona kuti kamphira kozungulira chivundikiro kabwezeretsedwa pamalo pake kosapindika. Popanda kamphira kameneko, mamita 100 aja amangokhala zilembo. Wotchi ikaima asaisunge m'kabati ndi batire lakufa mkati. Akaona nthunzi pansi pa galasi, apite nayo tsiku lomwelo akaitsegule iume, dzimbiri lisanayambe. Galasi la pulasitiki likakandika pang'ono, kulipukuta ndi kansalu ndi mankhwala otsukira mano kumachepetsa mikwingwirimayo. Pa galasi lenileni njira imeneyi sigwira.

Tsiku la mwambo mnyamatayo anatsegula kabokosi, n'kuitembenuza kangapo. "Amalume, ndimaganiza kuti mundigulira yonyezimira ngati ya achimwene ija," anatero akuseka. Mkulu wakeyo, amene anaima pambali ndi mbale ya mpunga, anangokweza mkono wake wopanda kanthu n'kumuonetsa. Wamng'onoyo anamanga lamba pa bowo lachinayi, n'kundifunsa batani loikira alamu ya 5 koloko m'mawa.